Zilembo za laputopu zikamaoneka mwachimbuuzi pa TV

Funso: Ndili ndi laputopu ya mainchi 15.6 yokhala ndi Windows 11, ndipo ndimailumikiza ku TV ya mainchi 43 ndi chingwe cha HDMI. Pa katoni ya TV analemba kuti Full HD. Mafilimu amaoneka bwinobwino, koma ndikatsegula Word kapena Excel zilembo zimaoneka mwachimbuuzi moti maso amawawa, komanso m'mphepete mwa sikirini mumadulika. Ndinagula chingwe china koma palibe chasintha. Kodi TV ndi yowonongeka?

Yankho: TV yanu ndi yabwinobwino, ndipo chingwe chachitatu musagule. Zizindikiro mwatchulazo zikusonyeza kuti chithunzi chikutambasulidwa chisanafike m'maso mwanu, ndipo n'kutheka kuti chikutambasulidwa kawiri: koyamba chifukwa cha mmene laputopu yalumikizidwira, kachiwiri m'kati mwa TV momwemo. Zonse ziwirizi zimakonzeka popanda kutaya ndalama.

Sikirini ya TV ndi gulu la timadontho tosasuntha totchedwa mapikiselo. Ya Full HD ili ndi mapikiselo 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, ndipo chiwerengero chimenechi sichisintha zivute zitani, chifukwa timadonthoto tinaumbidwa m'galasi ku fakitale. Zilembo zimaoneka bwino pokhapokha kadontho kalikonse kochokera m'laputopu kakagwera pa kadontho kamodzi ka TV ndendende. Malaputopu ambiri otsika mtengo a mainchi 15.6 ali ndi sikirini ya 1366 × 768. Chithunzi cha mapikiselo 1366 chikamayalidwa pa mapikiselo 1920, kadontho kalikonse kayenera kukula pafupifupi nthawi 1.4, ndiye kuti timadontho 5 tidzaze malo a timadontho 7. Zili ngati kufuna kudzaza mabowo 7 a thireyi ndi mazira 5: simungathe popanda kuswa ena n'kuwagawa. Makina amachitanso chimodzimodzi, amasakaniza mitundu ya timadontho toyandikana. Mwendo wa chilembo l, womwe unali kamzere kakuda kopyapyala ngati kadontho kamodzi pa pepala loyera, umasanduka timizere tiwiri totuwa. Pa filimu simungazindikire chifukwa nkhope ya munthu kapena mtambo mitundu yake imalowana kale pang'onopang'ono, komanso chithunzi chimakhala chikuyenda. Zilembo zimadalira malire akuthwa pakati pa kuda ndi kuyera, n'chifukwa chake Word ndi Excel ndi amene amaulula vutoli.

Choyamba kuona ndi mmene masikirini awiriwo akugwirira ntchito limodzi. Dinani batani la Windows pamodzi ndi P. Kudzatuluka mawu anayi: `PC screen only`, `Duplicate`, `Extend` ndi `Second screen only`. Ndikukhulupirira kuti mupeza kuti yasankhidwa ndi `Duplicate`, chifukwa ndi imene Windows imakonda kuika sikirini yatsopano ikangolumikizidwa. Pa `Duplicate` masikirini onse awiri amaonetsa chithunzi chimodzi, ndipo chithunzicho chiyenera kukwana pa sikirini yaing'ono. Ngati laputopu yanu ndi ya 1366 × 768, TV imalandira chithunzi cha kukula komweko kapena chocheperapo ngati 1280 × 720, n'kuchitambasula. Mukadali pa `Duplicate` palibe chimene mungasinthe pa rimoti kuti zilembo ziwongoke.

Sankhani `Second screen only` ngati mukufuna kugwira ntchito pa TV yokha, kapena `Extend` ngati mukufuna masikirini onse awiri ayake, iliyonse ndi rezolushoni yake, kutanthauza chiwerengero cha mapikiselo a chithunzi chake. Amene amaonetsa nyimbo kapena maphunziro pagulu `Extend` imawakomera kwambiri, chifukwa PowerPoint imatha kuonetsa tsamba lathunthu pa TV pamene zolemba za wolankhula zatsala pa laputopu.

Kenako pitani ku `Settings`, `System`, `Display`. Ngati muli pa `Extend` mudzaona timabokosi tiwiri, 1 ndi 2. Dinani `Identify` kuti mudziwe ka TV, n'kukasankha. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa, amasintha rezolushoni ya laputopu akuganiza kuti akusintha ya TV. Pa `Display resolution` ikani 1920 × 1080. Musaimire pamenepo. Tsikani mmunsi mutsegule `Advanced display`, muwerenge mizere iwiri: `Desktop mode` ndi `Active signal mode`. Pa Windows 10 mizere yomweyi imatchedwa `Desktop resolution` ndi `Active signal resolution`. Woyamba ukunena kukula kwa chithunzi chimene Windows ikujambula, wachiwiri kukula kwa chimene chikudutsa m'chingwe. Yonse iwiri iyenera kukhala 1920 × 1080, pa 60 Hz kapena 59.94 Hz, 50 Hz nayonso ilibe vuto pa zilembo; Hz imanena kuti chithunzi chimajambulidwanso kangati pa sekondi. Mukapeza woyamba uli 1366 × 768 wachiwiri 1920 × 1080, ndiye kuti laputopu yeniyeniyo ndi imene ikutambasula chithunzi. Zikatero TV imakuuzani pakona kuti ikulandira 1080p, inu n'kukhutira, chikhalirecho chimene ikulandiracho ndi chithunzi chofufumitsidwa kale. Pewaninso mzere uliwonse wolembedwa `Interlaced` kapena 1080i. Pamenepo TV imalandira theka la mizere nthawi imodzi, theka lina pambuyo, ndipo timizere topyapyala topingasa timanjenjemera.

Tsopano kudulika kwa m'mphepete kuja. Ma TV akale a chubu sankaonetsa m'mbali mwa chithunzi, ndipo nyumba zoulutsira zinazolowera kuti m'mbalimo mukhoza kutsala zinyalala. Mpaka lero ma TV ambiri amakulitsa pang'ono chithunzi chilichonse cholowera pa HDMI n'kutaya m'mphepete. Pa menyu chizolowezi chimenechi chimatchedwa `Overscan`. Tiyerekeze kuti TV yanu imataya 5 peresenti: pa mapikiselo 1920 amene laputopu yatumiza, imatengapo 1824 apakati n'kuwatambasulanso kuti akwane 1920. Mwaika rezolushoni yolondola, koma timadontho sitikugwerana. Mudzadziwa chifukwa mzere wa timabatani wam'munsi umadulika theka, ndipo X wotsekera windo amabisika pakona.

Izi zimazimitsidwa pa rimoti, pa gawo la kukula kwa chithunzi, lomwe nthawi zambiri limalembedwa `Picture Size`, `Aspect Ratio` kapena `Screen`. Kampani iliyonse ili ndi dzina lake. Pa Samsung ndi `Screen Fit` kapena `Fit to Screen`, pa LG ndi `Just Scan`, pa Sony ndi `Full Pixel`, pa Sharp ndi `Dot by Dot`. Pa ma TV ena mudzapeza `1:1`, `Native`, kapena `Overscan` yeniyeniyo yoti muiike pa `Off`. Chitani zimenezi laputopu ili yolumikizidwa ndipo TV ili pa khomo la HDMI lomwelo, chifukwa ma TV ambiri amasunga zosankha za khomo lililonse padera. Dziwaninso kuti pa ma TV ena `16:9` wamba amadulabe m'mphepete, choncho musaganize kuti mwamaliza chifukwa choti maonekedwe a chithunzi ndi olondola.

Pali njira yachidule imene ndikukuletsani. Mapulogalamu a Intel, AMD ndi NVIDIA oyendetsa chithunzi cha laputopu ali ndi kachida kokoka kochepetsa chithunzi mpaka m'mphepete muoneke. M'mphepete mumabwereradi, koma chimene chachitika n'chakuti laputopu yafinya chithunzi, TV n'kuchikulitsanso, zilembo n'kuphwanyika kawiri. Njira imeneyi ndi yomalizira, ya TV imene ilibiretu pozimitsira. Ngati wina anakoka kale kachidako, kabwezereni pa 0 kapena 100 peresenti, kutengera mmene pulogalamuyo imawerengera, musanakhudze za pa TV.

Kuti mutsimikize kuti timadontho tagwerana, tsegulani tsamba lopanda kanthu la Excel pa TV, kukula kwa tsamba kuli pa 100 peresenti, ndipo `Scale` ya Windows, yokulitsira zilembo patsamba la `Display`, nayo ili pa 100% kwa kanthawi. Yandikirani pafupi muyang'ane timizere togawa mabokosi. Tonse tikhale topyapyala mofanana, kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Mukaona tina tonenepa, tina tofooka, mobwerezabwereza pakapita mabokosi angapo, chithunzi chikutambasulidwabe penapake. Bwererani ku `Active signal mode` ndi ku kukula kwa chithunzi pa TV.

Zikagwerana, mudzadandaula china: zilembo zaoneka bwino koma zachepa, makamaka mukakhala pampando patali. Apa ndi pamene anthu ambiri amadzibwezera m'mavuto, amatsitsa rezolushoni kufika pa 1280 × 720 kuti zinthu zikule. Zimakuladi, koma ndi kutambasula komwe kuja. Rezolushoni isiyeni pa 1920 × 1080, ndipo kukulitsa muchitire pa `Scale`, yomwe ili patsamba lomwelo la `Display`. Kusiyana kwake n'kwakuti `Scale` sifufumitsa chithunzi chojambulidwa kale. Imauza pulogalamu kuti ijambule chilembo mwatsopano ndi timadontho tochuluka. Chilembo chimene chinali chotalika timadontho 16 pa 100% chimajambulidwa ndi timadontho 24 pa 150%, kalikonse kali pamalo pake, ndipo chimaoneka chosalala kuposa poyamba. Pa TV ya mainchi 43 ya Full HD, yambani ndi 100% ngati mwakhala pafupifupi mita imodzi, 125% kapena 150% ngati muli pa mamita awiri kapena atatu. Windows ikazindikira kuti ndi TV nthawi zina imalemba `Recommended` pa 150%. Limenelo ndi ganizo chabe, sankhani chimene maso anu akuwerenga momasuka. `Custom scaling` isiyeni, chifukwa nambala imene mungalembe pamenepo imagwira masikirini onse nthawi imodzi.

`Scale` nayo ili ndi chimbuuzi chake, ndipo n'chosavuta kuchisiyanitsa ndi china chija. Ngati zilembo za pa `Settings` ndi za mu Edge kapena Chrome zikuoneka bwino koma pulogalamu imodzi yokha ndi yachimbuuzi, rezolushoni ilibe mlandu. Mapulogalamu akale, monga ena owerengetsera ndalama ndi ena osindikizira, analembedwa poganiza kuti sikirini iliyonse ili pa 100%. Windows imawalola kujambula windo lawo laling'ono, kenako n'kulifufumitsa ngati chithunzi. Zimachitikanso mukakoka windo kuchoka pa laputopu ya 125% kupita pa TV ya 100%, kapena mukalumikiza TV pulogalamu ili yotsegula kale. Yambani ndi kutseka pulogalamuyo n'kuitsegulanso. Zikakanika, sankhani TV pa `Display`, chongani `Make this my main display`, tulukani mu akaunti yanu ndi `Sign out` n'kulowanso, chifukwa mapulogalamu otere amatsata `Scale` ya sikirini imene inali `main display` polowa. Ikakanabe, dinani chizindikiro cha pulogalamuyo ndi batani lakumanja la mausi, `Properties`, `Compatibility`, `Change high DPI settings`, chongani `Override high DPI scaling behavior` n'kusankha `Application`. Zilembo zidzawongoka, koma pa mapulogalamu ena zidzachepa kwambiri kapena mabatani adzapanikizana. Zikatero yesani `System (Enhanced)` pamalo omwewo.

Chatsala ndi zokometsera zimene TV imathira pa chithunzi. Zinapangidwira mafilimu ndi mpira, ndipo pa zilembo zimawononga. Chachikulu ndi `Sharpness`. Sichiwonjezera kanthu pa chithunzi, chimangojambula kamzere kowala m'mphepete mwa chinthu chakuda, moti chilembo chilichonse chimazunguliridwa ndi kamthunzi koyera ndipo zilembo zoyandikana zimamatirirana. Tsitsani pang'onopang'ono mukuyang'ana zilembo zakuda pa pepala lotuwa, mpaka kamthunziko kathe. Pa ma TV ambiri malo abwino ndi 0 kapena pafupi ndi 0, koma pa ena malo opanda chowonjezera ali pakati, monga 50, ndipo mukatsika kupitirira pamenepo TV imayamba kufewetsa dala chithunzi. N'chifukwa chake ndikuti muziyang'ana zilembo m'malo mongothamangira nambala. Zimitsaninso chilichonse cholembedwa `Noise Reduction`, komanso zosalazitsa kayendedwe ka chithunzi.

Njira yabwino koposa ndi kuuza TV kuti cholumikizidwacho ndi kompyuta. Pa Samsung mumasintha dzina kapena mtundu wa khomo la HDMI kukhala `PC`. Pa LG mumasintha chizindikiro cha khomolo kukhala `PC`. Pa Sony mumasankha `Graphics` kapena `Game` pa `Picture mode`. Ma TV ena akale ali ndi khomo limodzi lolembedwa HDMI/DVI kapena PC, ndipo ndi limenelo loyenera kulowetsamo chingwe. Kuchita izi kumazimitsa zokometsera zambiri nthawi imodzi, komanso kumakonza vuto lina lobisika. Pa kanema wamba, kuwala kumasungidwa pa kadontho kalikonse koma mtundu umagawanidwa ndi timadontho tiwiri kapena tinayi, chifukwa diso silizindikira msanga kuchepa kwa mtundu. Zimenezi zimalembedwa 4:2:2 ndi 4:2:0, pamene 4:4:4 kapena RGB ndi mtundu wathunthu pa kadontho kalikonse. Kuyesa kwake n'kosavuta: lembani chiganizo chimodzi chakuda pa pepala loyera, china chofiira pa pepala lakuda kapena labuluu, zilembo zazing'ono. Chakuda chikaoneka bwino koma chofiira chikasungunuka, mtundu ukuchepetsedwa. TV ikakhala pa `PC` ndipo pulogalamu ya Intel, AMD kapena NVIDIA ikutumiza RGB, zofiirazo zimawongoka. Pa `Advanced display` mzere wa `Color format` umakuuzani chimene laputopu ikutumiza.

Pa 1920 × 1080 chingwe chilichonse chabwinobwino cha HDMI chimanyamula mtundu wathunthu mosavutika. HDMI imatumiza manambala, ndipo nambala siifika yofooka kapena yotuwa. Chingwe chikakhala choipa mumaona timadontho tothwanima, chithunzi kuzima n'kuyakanso, kapena mawu oti `No Signal`. Chimbuuzi sichichokera kumeneko. Ndi zolumikizira zina nkhani imasintha. VGA, ija ya pulagi yabuluu ya timano 15, imatumiza mphamvu yokwera ndi kutsika, choncho chingwe chachitali kapena chopyapyala chimabweretsa mithunzi kumanja kwa zilembo, ndipo muyenera kudina `Auto Adjust` pa TV. Kabokosi kosandutsa HDMI kukhala mawaya atatu, lachikasu, lofiira ndi loyera, kamatsitsa chithunzi kufika pa mizere 576 kapena 480, ndipo pamenepo zilembo zazing'ono sizingawerengeke ngakhale mutatani. Kulumikiza popanda chingwe podina batani la Windows pamodzi ndi K kumafinya chithunzi ngati vidiyo, moti zilembo zimasungunuka nthawi iliyonse tsamba likayenda.

Ngati mwachita zonsezi koma timizere ta Excel tikadali tosafanana, kayikirani katoni. Ma TV ambiri a mainchi 32, ndi ena okulirapo otsika mtengo, amalandira chithunzi cha 1080p koma galasi lake ndi la 1366 × 768, ndipo pa katoni amalemba 1080p ndi zilembo zazikulu. TV yotere imauza Windows kuti ikhoza kulandira 1920 × 1080, Windows n'kulemba `Recommended`, kenako TV n'kufinya chithunzicho kuti chikwane pa galasi lake. Werengani nambala ya mtundu wa TV pa kapepala kakumbuyo, mufufuze rezolushoni ya galasi lenilenilo. Ikakhala 1366 × 768, sankhani imeneyo, kapena 1360 × 768 ngati ndi yokhayo ikupezeka; timadontho 6 totsalato timangokhala kampata kakuda kosaoneka n'komwe. Pa TV yotere 1280 × 720 si yofanana ndi galasi, ngakhale anthu amaitcha HD. Amene ali ndi TV ya 4K aike 3840 × 2160 ndi `Scale` ya 200% kapena kuposerapo akakhala patali. Laputopu yokhala ndi HDMI 1.4 imafika pa 30 Hz basi ndi mtundu wathunthu, ndipo mausi imaoneka ngati ikudumphadumpha. 60 Hz imafuna HDMI 2.0 komanso kuyatsa khomo pa TV, pa `Input Signal Plus` ya Samsung, `HDMI Ultra HD Deep Colour` ya LG kapena `Enhanced format` ya Sony.

Zonse zikalongosoka, dinani Windows ndi R, mulembe lamulo ili:

```
cttune
```

Lidzatsegula pokonzera ClearType, njira imene Windows imasalazira m'mphepete mwa zilembo pogwiritsa ntchito tizigawo titatu ta kadontho kalikonse, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Masikirini a malaputopu ambiri amaika tizigawoti mu ndondomeko imeneyo, koma ma TV ambiri amayambira ndi kabuluu, ndipo zilembo zimakhala ndi kamtundu kofiira kapena kabuluu m'mbali. Sankhani TV pamene yakufunsani, ndipo pa tsamba lililonse dinani chitsanzo chimene chikuoneka choyera bwino muli pamalo amene mumakhala powerenga.

Pali malire amene palibe chosankha chingawachotse. Mapikiselo 1920 × 1080 akayalidwa pa mainchi 43, pa inchi iliyonse pamakhala timadontho pafupifupi 51, pamene sikirini ya laputopu ya 1366 × 768 pa mainchi 15.6 ili ndi pafupifupi 100. Kadontho ka TV yanu ndi kotambalala pafupifupi theka la milimita, kuwirikiza kawiri ka laputopu. Mukaiika pa tebulo n'kukhala pafupi ngati mmene mumakhalira ndi laputopu, mudzaona timakona m'mphepete mwa zilembo ngakhale zonse zili m'malo mwake. Zimenezo ndi zilembo zamanomano, osati zachimbuuzi. Diso labwino limasiya kusiyanitsa timadontho ta kukula kumeneko pa mtunda wa pafupifupi mamita 1.7, choncho sunthani mpando ufike chapamenepo, n'kukweza `Scale` pa 125% kapena 150% mpaka muziwerenga manambala a mu Excel popanda kuwerama.